Kukonza kaundula wa pa kompyuta wodziwerengera yekha obwera, ojomba ndi ochedwa

Mlembi wa gulu la banki nkhonde amavutika kwambiri ikafika nthawi yogawana ndalama, pamene ayenera kutsegula buku la kaundula tsamba ndi tsamba n'kuwerenga kuti membala aliyense anajomba kangati, anachedwa kangati, ndipo chindapusa chake chinafika pati. Pamenepo ndi pamene mikangano imabuka, chifukwa kuwerenga ndi chala masabata 52 a anthu 25 sikulephera kuphonya. Malangizo awa akuonetsa momwe mungakonzere kaundula mu sipuredishiti kuti ntchito ya mlembi ikhale kulemba chilembo chimodzi pa munthu aliyense tsiku la msonkhano, kuwerengako n'kumachitika kokha. Titenga chitsanzo cha gulu la alimi a tiyi a minda ing'onoing'ono la kufupi ndi Limbuli m'boma la Mulanje, la anthu 25, lomwe limakumana Lachitatu lililonse 2 koloko masana. Mafomula onse amene ali pano, omwe ndi malangizo owerengera oyamba ndi chizindikiro cha =, amagwira ntchito mofanana mu Excel, mu Google Sheets ndi mu LibreOffice Calc, koma maina a mabatani amene ndatchula ndi a mu Excel pokhapokha nditanena kuti ndi a pulogalamu ina. Ndi bwino kukonza kaundulayu pa kompyuta, ngakhale yobwereka, kenako n'kumalemba za sabata ndi sabata pa foni ngati mukufuna.

Tsamba la sipuredishiti lili ndi mizere yopingasa yodziwika ndi manambala, ndi makolamu oima odziwika ndi zilembo. Pamene mzere ndi kolamu zakumana pali kabokosi, ndipo dzina lake ndi chilembo cha kolamu ndi nambala ya mzere, monga C5.

Gawo loyamba: gwirizanani za zilembo musanatsegule kompyuta

Kompyuta sidziwa munthu wochedwa. Imangowerenga chimene mlembi walemba, choncho gulu liyenera kuyamba lagwirizana kuti kuchedwa kumayambira pati, ndipo chigamulocho chilembedwe m'malamulo a gulu. M'chitsanzo chathu, wofika 2:15 itakwana wachedwa, ndipo wosabwera amene anatumiza uthenga kwa wapampando msonkhano usanayambe watsanzika, sanajombe. Tigwiritsa ntchito zilembo zisanu: B kwa wobwera pa nthawi yake, C kwa wochedwa, J kwa wojomba, T kwa wotsanzika, ndi X pa tsiku limene munthuyo sanali membala kapena msonkhano sunachitike.

Ndapewa dala zilembo A ndi P. M'makaundula ambiri a kusukulu ndi kuntchito, P amaimira munthu amene alipo ndipo A amaimira amene palibe, pamene munthu woganiza m'Chichewa angalembe A kutanthauza kuti alipo ndi P kutanthauza kuti palibe. Tsiku limene mlembi wadwala n'kulemba wachiwiri wake, kaundula yense wa tsikulo angathe kutembenuzika popanda woona, popeza mafomula adzawerengabe bwinobwino zinthu zolakwikazo.

Gawo lachiwiri: yalani tsamba

Tsegulani tsamba latsopano ndipo mu A1 lembani dzina la gulu ndi chaka. Mu B2 lembani mawu akuti Chindapusa cha kuchedwa, ndipo mu C2 lembani 200. Mu B3 lembani Chindapusa cha kujomba, ndipo mu C3 lembani 500. Manambalawa ndi ongoyerekezera, inu muikemo a gulu lanu, koma mulembe nambala yokha popanda K kutsogolo kapena mawu akuti kwacha kumbuyo, chifukwa kabokosi kokhala ndi K200 kamatengedwa ngati mawu ndipo sikachulukitsika.

Mzere 4 ndi wa mitu. Kuyambira A4 mpaka H4 lembani motsatana Nambala, Dzina, Wabwera, Wachedwa, Wajomba, Watsanzika, Peresenti ndi Chindapusa. Maina a mamembala alowe mu kolamu B kuyambira mzere 5, kotero anthu 25 athera pa mzere 29, koma tisiya malo mpaka mzere 34 kuchitira amene angalowe m'kati mwa chaka.

Anthu ambiri amaika makolamu owerengera kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja la masiku onse, monga momwe zimakhalira m'buku. Pa kompyuta kutero n'kudzivutitsa, chifukwa kuti muone zotsatira muyenera kudutsa makolamu 52, ndipo mukafika kumeneko simukumbukanso kuti mzere umene mukuyang'ana ndi wa ndani. Kuika zotsatira pafupi ndi dzina kumathandiza kuti msungichuma aone zonse zofunika atangotsegula tsamba.

Gawo lachitatu: masiku a misonkhano

Masiku ayambira pa I4. Msonkhano woyamba wa gulu lathu ndi wa Lachitatu pa 7 Januwale 2026, ndipo mulembe tsikuli motere, kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku:

```
2026-01-07
```

Kalembedwe kameneka kali ndi chifukwa chake. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa kuti aziwerenga masiku monga amachitira ku America, komwe mwezi umayamba, ndipo mukalemba 7/1/2026 kompyuta yotero imamva kuti ndi 1 Julaye. Choipa kwambiri n'chakuti tsiku ngati 14/1/2026 silikanidwa poyera, koma limangosungidwa ngati mawu wamba, popeza kulibe mwezi wa 14. Mungazindikire vutoli poona mbali imene tsikulo latsamira m'kabokosi: tsiku lenileni limatsamira kudzanja lamanja monga nambala, pamene limene lasanduka mawu limatsamira kumanzere.

Mu J4 musalembe tsiku ndi manja, koma lembani fomula iyi:

```
=I4+7
```

Dinani pa J4, gwirani kadontho kamene kali pa ngodya ya m'munsi kudzanja lamanja la kabokosiko, ndipo kokani chopingasa mpaka kolamu BH. Kuyambira I mpaka BH ndi makolamu 52, ndipo ngati zonse zayenda bwino BH4 ionetsa 30 Disembala 2026. Mukaona nambala ngati 46029 m'malo mwa tsiku musade nkhawa, chifukwa umo ndi momwe pulogalamuyi imasungira masiku m'kati mwake. Sankhani mzerewo, dinani batani la kumanja la mausi, pitani pa Format Cells ndi kusankha Date. Sabata imene msonkhano wasunthidwa kupita Lachinayi, dziwani kuti kusintha tsikulo ndi manja kumasunthanso masiku onse otsatira, choncho mulembenso ndi manja tsiku la sabata yotsatirayo kuti mndandanda ubwerere pa Lachitatu.

Kenako dinani pa C5, pitani pa View ndi kusankha Freeze Panes. Izi zimachititsa kuti maina ndi masiku azioneka nthawi zonse pamene mukuyendayenda m'tsambamo. Musayese kuimitsa makolamu onse asanu ndi atatu, chifukwa pa foni adzadzaza galasi lonse ndipo malo olembapo sadzaoneka.

Gawo lachinayi: tsekani khomo la zilembo zolakwika

Gawo ili lichitike mafomula owerengera asanalembedwe, chifukwa zolakwika zambiri za kaundula wotere zimachokera pa zimene munthu walemba m'kabokosi, osati pa fomula. Sankhani timabokosi tonse kuyambira I5 mpaka BH34. Njira yachangu ndi kulemba I5:BH34 m'kabokosi ka dzina kamene kali pamwamba kumanzere, pamwamba pa kolamu A, n'kudina Enter. Pitani pa Data, kenako Data Validation, pa Allow sankhani List, ndipo pa Source lembani izi:

```
B,C,J,T,X
```

Kuyambira pamenepo kabokosi kalikonse kadzakhala ndi kamuvi kosankhira chilembo, ndipo kadzakana china chilichonse. Mu Excel mndandanda wolembedwa motere umakananso zilembo zing'onozing'ono, choncho mlembi azilemba B wamkulu. Mu Google Sheets chinthu chomwechi chili pa Data, Data validation, kenako Dropdown, ndipo mu LibreOffice Calc chili pa Data, Validity.

Chitetezo chimenechi chili ndi malire. Chimagwira zimene zikulembedwa ndi kiyibodi, koma munthu akakopera timabokosi kuchokera kwina n'kumata pamwamba, zolakwika zimalowa ndipo lamulo lija lingathe kufufutika m'timabokosi timeneto. N'chifukwa chake m'gawo lachisanu ndi chiwiri tikonzanso mzere wina wolondera.

Gawo lachisanu: mafomula owerengera munthu mmodzimmodzi

Ntchito yonse yowerenga ikuchitidwa ndi fomula yotchedwa COUNTIF, imene imafuna kuuzidwa zinthu ziwiri: malo oti iyang'ane, ndi chinthu choti iwerenge. Mu C5 lembani:

```
=COUNTIF($I5:$BH5,"B")
```

Tanthauzo lake ndi lakuti yang'ana timabokosi ta mzere 5 kuyambira kolamu I mpaka BH, ndipo uwerenge tonse timene muli chilembo B. Chilembocho chili pakati pa zizindikiro zogwira mawu kuti pulogalamu isachisokoneze ndi dzina la kolamu B. Mu D5, E5 ndi F5 lembani mafomula atatu awa motsatana:

```
=COUNTIF($I5:$BH5,"C")
=COUNTIF($I5:$BH5,"J")
=COUNTIF($I5:$BH5,"T")
```

Chizindikiro cha $ chimakhomerera chimene chili patsogolo pake kuti chisasunthe fomula ikakokedwa. Apa chakhomerera zilembo za makolamu, I ndi BH, koma nambala ya mzere yasiyidwa yomasuka, kotero fomulayo ikatsikira pa mzere 6 idzayang'ana mzere 6, ndipo ndi zimene tikufuna. Popanda $, munthu amene wakoka fomula kuchoka pa C5 kupita pa D5 amapeza kuti malo oyang'ana asunthira pa J5:BI5, ndipo msonkhano woyamba watsala kunja osawerengedwa.

Pulogalamu ikakana fomula n'kunena kuti ili ndi vuto, yambani mwaona zinthu ziwiri. Choyamba ndi mpumiro wa pakati pa malo ndi chilembo. Malaputopu ena, makamaka ochokera ku Joni kapena ogulidwa kutsidya kwa malire a Muloza, amakhala atatcheredwa kuti azigwiritsa ntchito chizindikiro cha ; m'malo mwa , ndipo pa kompyuta yotero fomula ilembedwe chonchi, komanso mndandanda wa zilembo wa m'gawo lachinayi ulekanitsidwe ndi chizindikiro chomwecho:

```
=COUNTIF($I5:$BH5;"B")
```

Chachiwiri ndi zizindikiro zogwira mawu. Fomula imene yakopedwa kuchokera mu uthenga wa pa foni kapena mu Word nthawi zina imabwera ndi zizindikiro zopindika, zimene sipuredishiti sizilandira. Zifufuteni n'kuzilembanso ndi kiyibodi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: peresenti ndi chindapusa

Apa ndi pofunika kuganiza mofatsa, chifukwa fomula ya peresenti imabisa chigamulo chimene gulu liyenera kuchidziwa. Mu G5 lembani:

```
=IF(C5+D5+E5=0,"",(C5+D5)/(C5+D5+E5))
```

Kenako dinani batani la % pa Home kuti zotsatira zioneke ngati peresenti. Fomulayi ikutenga wochedwa ngati munthu amene anabwera, popeza anafikadi ngakhale mochedwa, ndipo ikugawa masiku amene anabwera ndi masiku amene anayenera kubwera. Masiku otsanzika sakuwerengedwa mbali iliyonse, kutanthauza kuti mayi amene anali kuchipatala ndi mwana satsitsidwa peresenti komanso sakwezedwa. Gulu limene likufuna kuti kutsanzika kuziwerengedwa ngati kusabwera liwonjezere F5 m'mabulaketi omaliza. Mbali yoyamba ya fomulayi, ya IF, ikungoteteza mizere imene mulibe kanthu kuti isaonetse #DIV/0!, chimene chimatuluka nambala ikagawidwa ndi ziro.

Mu H5 lembani fomula ya chindapusa:

```
=D5*$C$2+E5*$C$3
```

Apa $ wakhomerera kolamu ndi mzere womwe, chifukwa mitengo ya chindapusa ili malo amodzi okha ndipo mizere yonse iyenera kuloza komweko. Mukaiwala zizindikirozi, mzere 5 udzaoneka wolondola, mizere 6 ndi 7 idzaonetsa #VALUE! popeza fomula idzakhala ikuchulukitsa ndi mawu a mutu wa pa C4, ndipo kuyambira mzere 8 kudzatuluka manambala ooneka abwinobwino koma abodza, chifukwa kompyuta idzakhala ikuchulukitsa kuchedwa kwa munthu ndi masiku amene anzake ena anabwera.

Tsopano sankhani C5 mpaka H5 pamodzi, gwirani kadontho ka pa ngodya, ndipo kokani chotsika mpaka mzere 34.

Musayambe kudalira kaundulayu musanamuyese ndi chitsanzo chimene mungathe kuwerenga ndi mutu. Tiyerekeze kuti papita misonkhano khumi, kuyambira 7 Januwale mpaka 11 Malichi, yomwe ndi makolamu I mpaka R. Pa mzere 5 lembani motsatana B, B, C, B, J, B, T, B, C, B. Muyenera kuona 6 pa Wabwera, 2 pa Wachedwa, 1 pa Wajomba ndi 1 pa Watsanzika. Peresenti ndi 8 kugawa ndi 9, imene ioneke ngati 89%, ndipo chindapusa ndi 200 kawiri kuphatikiza 500, zomwe ndi 900. Nambala iliyonse ikasiyana ndi izi, dinani kawiri pa kabokosi kameneko, ndipo pulogalamu idzazungulira ndi mzere wa mtundu malo amene fomulayo ikuyang'ana, kotero mudzaona ndi maso ngati yasemphana.

Pa mzere 6 yesani bambo amene analowa m'gulu pa 4 Febuluwale, msonkhano wachisanu. Lembani X, X, X, X, B, B, B, J, B, B. Zotsatira zikhale 5 pa Wabwera, 1 pa Wajomba, 83% ndi chindapusa cha 500. Mlembi akanagawa masiku asanu aja ndi misonkhano yonse khumi, bamboyu akanaoneka ngati wobwera theka lokha la nthawi, ndipo akanalemba J pa masabata anayi oyambawo akanamulipiritsa 2,000 ya misonkhano imene sankaidziwa n'komwe. Mfundo yomweyo igwire ntchito pa sabata imene msonkhano walephereka chifukwa cha maliro m'mudzi kapena mvula yamphamvu imene yadzaza mitsinje: kolamu yonse ya tsikulo ilembedwe X. Mukamaliza kuyesa, fufutani zilembo zoyeserazo ndi batani la Delete, osati kuchotsa mizere.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuwerenga msonkhano uliwonse, ndi mzere wolondera

Wapampando amafunanso kudziwa kuti tsiku lakutilakuti kunabwera anthu angati, makamaka pamene malamulo a gulu amafuna chiwerengero china cha anthu kuti ngongole ivomerezedwe. Mu B36 mpaka B40 lembani motsatana Obwera, Ochedwa, Ojomba, Otsanzika ndi Osalembedwa. Mu I36 mpaka I39 lembani mafomula anayi awa, limodzi pa mzere uliwonse:

```
=COUNTIF(I$5:I$34,"B")
=COUNTIF(I$5:I$34,"C")
=COUNTIF(I$5:I$34,"J")
=COUNTIF(I$5:I$34,"T")
```

Ulendo uno $ ali pa manambala a mizere, ndipo chilembo cha kolamu ndi chomasuka, popeza tikokera chopingasa. Mu I40 lembani fomula yolondera:

```
=COUNTA($B$5:$B$34)-SUM(I36:I39)-COUNTIF(I$5:I$34,"X")
```

COUNTA imawerenga timabokosi timene muli kanthu, choncho apa ikuwerenga maina onse a mamembala. Pa chiwerengero chimenecho tikuchotsa onse amene alembedwa chilembo chovomerezeka, ndipo chotsala ndi anthu amene sanalembedwe kapena alembedwa molakwika. Sankhani I36 mpaka I40 ndi kukoka mpaka BH. Masiku amene sanafike adzaonetsa 25 pa mzere 40, zomwe n'zoyenera, koma tsiku lililonse limene msonkhano wachitika liyenera kuthera pa 0, ndipo mlembi asatseke kompyuta asanaone ziro ameneyo.

Tiyerekeze kuti pa 4 Febuluwale, kolamu M, mwapeza obwera 18, ochedwa 3, ojomba 2, wotsanzika 1, ndipo mzere 40 ukuonetsa 1. Onse pamodzi ndi 24, choncho munthu mmodzi wasowa. Yambani mwayang'ana kabokosi kopanda kanthu mu kolamu M. Ngati timabokosi tonse 25 tikuoneka todzaza, kawirikawiri vuto limakhala mpata wosaoneka umene walowa kumbuyo kwa chilembo, monga zimachitikira ndi makiyibodi a pa foni amene amaika mpata okha munthu akasankha mawu. Kwa diso la munthu B ndi B wotsatidwa ndi mpata n'zofanana, koma COUNTIF siwerenga wachiwiriyo. Kuti mumugwire, pitani pa kabokosi kopanda ntchito kunja kwa kaundula, monga BJ5, lembani fomula ili m'munsiyi ndi kuikoka chotsika mpaka mzere 29:

```
=LEN(M5)
```

LEN imawerenga kutalika kwa zimene zili m'kabokosi. Mizere yonse yabwino ipereka 1, ndipo umene ukupereka 2 ndi umene uli ndi vuto. Lembaninso chilembo cha pa mzere umenewo, ndipo fufutani mafomula a LEN mukamaliza. Mzere 40 ukaonetsa nambala yochepera ziro, ndiye kuti chilembo chalembedwa pa mzere umene mulibe dzina. Dziwaninso kuti mukalemba dzina la membala watsopano pa mzere 30, masiku onse a m'mbuyo adzayamba kuonetsa 1 pa mzere wolondera mpaka mutamulembera X pa masabata amene anali asanalowe, ndipo kumeneko sikulakwika koma kukumbutsa.

Gawo lachisanu ndi chitatu: mitundu, loko ndi kuwerenga mwezi umodzi

Mitundu si yofunika pa kuwerenga, koma imathandiza kuona msanga munthu amene wajomba masabata atatu otsatizana. Sankhani I5:BH34, pitani pa Home, Conditional Formatting, Highlight Cells Rules, Equal To, lembani J ndi kusankha mtundu wofiira, kenako bwerezani ndi C posankha wachikasu. Musapake mitundu ndi manja poganiza kuti iwerengedwa, chifukwa COUNTIF imaona zilembo zokha.

Loko ndi wofunika kwambiri ngati kaundula amagwiridwa ndi anthu angapo, popeza n'kosavuta kuti wina alembe nambala pamwamba pa fomula, ndipo kabokosiko kamakhala kakuonetsa nambala yomweyo mpaka chaka kutha. Sankhani A5:B34 ndi I5:BH34, pitani pa Format Cells, Protection, ndipo chotsani chizindikiro pa Locked. Kenako pitani pa Review ndi kudina Protect Sheet. Malo olembamo maina ndi zilembo adzakhala otseguka, pamene mafomula, masiku ndi mitengo ya chindapusa zidzakhala zotseka, choncho muzichotsa kaye loko mukafuna kusintha zimenezi, kusanja maina kapena kuika mzere watsopano. Mukaika mawu achinsinsi, adziwe anthu awiri a m'komiti, osati mlembi yekha.

Gulu limene limatolera chindapusa mwezi ndi mwezi lidzafuna kuwerenga mwezi umodzi wokha. Pa ntchito imeneyi pali COUNTIFS, imene imalandira zoyenereza zingapo nthawi imodzi. Kuti mudziwe kuti membala wa pa mzere 5 anajomba kangati mu Febuluwale, chotsani kaye loko, ndipo mu BJ5 lembani:

```
=COUNTIFS($I$4:$BH$4,">="&DATE(2026,2,1),$I$4:$BH$4,"<"&DATE(2026,3,1),$I5:$BH5,"J")
```

Fomulayi ikuwerenga J yekhayo amene tsiku la pamwamba pake lili kuyambira 1 Febuluwale koma lisanafike 1 Malichi. M'chitsanzo chathu chija yankho ndi 1, chifukwa kujomba kwa membalayu kunali pa 4 Febuluwale. Ikapereka 0 pa anthu onse pamene mukuona ma J ndi maso, bwererani ku mzere 4, chifukwa ndiye kuti masiku aja ndi mawu chabe osati masiku enieni.

Zimene kaundulayu sachita

Kolamu H imaonetsa chindapusa chonse chimene munthu wagamulidwa kuyambira Januwale, osati chimene watsala nacho. Zolipira zilembedwe padera ndi msungichuma, ndipo ngongole ya munthu ndi kusiyana kwa ziwirizo. Komanso mukasintha C2 kuchoka pa 200 kufika pa 300 mu Juni, kompyuta idzawerengeranso kuchedwa konse kwa m'mbuyo pa mtengo watsopanowo, ndipo anthu amene analipira kale adzaoneka ngati ali ndi ngongole. Njira yosavuta ndi kusunga faelo yakaleyo monga ilili, n'kupanga kope yatsopano yoyambira tsiku limene mtengo wasintha, zilembo za m'mbuyo zitafufutidwa.

Samalani pofuna kusanja maina motsatira alifabeti. Mukasankha kolamu B yokha n'kudina Sort, maina adzasuntha koma zilembo zidzatsala pamene zinali, ndipo kujomba kwa munthu wina kudzagwera mnzake. Vuto limeneli mzere wolondera suligwira, popeza ziwerengero za tsiku lililonse sizisintha. Sankhani mizere yonse kuyambira A5 mpaka BH29 musanasanje, ndipo musanje motsatira kolamu B. Membala amene watuluka m'gulu musamuchotse m'kaundula chaka chisanathe, koma muzimulembera X kuyambira sabata imene anatuluka, kuti ziwerengero za misonkhano yakale zisasinthe. Anthu akapitirira 30, ikani mzere watsopano pakati pa mizere 5 ndi 34 pogwiritsa ntchito Insert, osati pansi pa mzere 34, kuti mafomula a m'munsi afutukuke okha, kenako kokerani mafomula a C mpaka H mu mzere watsopanowo.

Pa msonkhano penipeni, kumene nthawi zambiri kulibe magetsi ndipo netiweki imavuta m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, pitirizani kuitana maina kuchokera m'buku, wapampando asayine tsambalo, ndipo zilembozo zilowetsedwe mu kompyuta tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Membala akatsutsa chindapusa chake, umboni ndi tsamba losayinidwalo, popeza kabokosi ka pa kompyuta kangasinthidwe popanda kusiya chizindikiro. Pakutha pa mwezi uliwonse sungani kope ya faelo pa fulashi kapena itumizeni ku foni ya msungichuma, dzina la faeloyo likhale ndi mwezi ndi chaka. Chaka chikatha, pangani kope ina, fufutani zilembo za mu I5:BH34, ndipo lembani tsiku la msonkhano woyamba wa chaka chatsopano mu I4. Ngati panali masiku ena amene munalemba ndi manja pa mzere 4, kokaninso fomula ya J4 mpaka BH4 kuti masiku onse atsatire tsiku latsopanolo.